Malikisi a pulogalamu yowerenga malisiti: malire oti munthu aone tiwaike pati?

MsungichumaWaMpunga

Ndakupatsani moni nonse a pa gulu lino. Ine ndine msungichuma wa kopaletivi ya alimi a mpunga kuno ku Nkhotakota, cha ku Bua, ndipo nkhani imene ndabwera nayo yandisowetsa tulo sabata yonse ino. Chaka chino tinasiya kutaipa malisiti onse pamanja. Akalaliki a pa sikelo amalemba lisiti ndi bolopeni monga kale, amajambula masamba onse ndi foni, kenako pulogalamu imene timalipira imawerenga zithunzizo n'kutulutsa zimene zili m'bokosi lililonse: nambala ya membala, dzina, nambala ya foni, makilogalamu, mtengo wa kilogalamu imodzi, ndalama zonse, ndi tsiku. Pambali pa bokosi lililonse imaika malikisi, kuyambira 0 mpaka 1, osonyeza mmene ikutsimikizira zimene yawerengazo. Amene anatiikira pulogalamuyi anatiuza kuti chilichonse chosakwana 0.90 chizionedwa ndi munthu, ndipo zotsalazo zizingodutsa.

Lachiwiri kunabwera mayi wina wachikulire, lisiti lake atalimanga pa nsonga ya chitenje. Lisitilo likuti anagulitsa makilogalamu 185 pa mtengo wa K1,200, ndalama zonse K222,000. Ife tinamutumizira K162,000. Nditafufuza ndinapeza izi:

```
{"field": "weight_kg", "value": "135", "confidence": 0.964}
```

Pulogalamu inawerenga 8 ngati 3, thumba lathunthu la makilogalamu 50 n'kuzimirira, koma inadzipatsa 0.964, choncho palibe munthu amene analiona bokosilo. Ndalama yotsalayo tinawapatsa mayiwo tsiku lomwelo, koma manyazi amene ndinachita pamaso pawo sindinawaiwale. Funso langa ndi ili: kodi ndikweze malire kufika pa 0.99? Kugula kukafika pachimake timalandira malisiti pafupifupi 3,000 pa sabata, ndipo oona tili nawo awiri okha.

WaKuLinga

Pepani ndi zimene zakuonekerani, a Msungichuma. Koma ine ndikuona kuti pulogalamuyo sinakunamizeni. Malikisi a 0.964 akutanthauza kuti pa mabokosi 100 otere, 96 amakhala olondola ndipo anayi amakhala olakwika. Mayiwo angogwera m'gulu la anayiwo. Kwezani malire afike pa 0.99, ndipo cholakwika chidzatsala chimodzi chokha pa 100 alionse.

Mpasa_wa_mBua

A WaKuLinga, mwanena zoona kuti malikisi okwera sachotsa zolakwika zonse, koma masamu amene mwachitawo ndi amene amagwetsa anthu ambiri m'mavuto. Malikisi a 0.964 si lonjezo lakuti 96 pa 100 n'zolondola pa malisiti a ku Bua. Ndi nambala imene pulogalamu imatulutsa poyerekeza ndi zolemba zimene inaphunzirapo, ndipo zolembazo sizinalembedwe ndi kalaliki amene akuthamanga pa sikelo, mphepo ya mwera ikuulutsa tsamba, bolopeni ikukana kulemba pa fumbi la mpunga. Chimene tingadalire pang'ono n'chakuti bokosi la 0.97 kawirikawiri limakhala lodalirika kuposa la 0.70. Koma kuti pa mabokosi a 0.97 olakwika ndi angati, zimenezo palibe angakuuzeni mpaka mutaziyeza pa mapepala anu.

Ndiwonjezerenso kuti mapulogalamu amasiyana ngakhale pa muyeso womwewo. Tesseract ndi Amazon Textract amapereka malikisi kuyambira 0 mpaka 100, pamene Google Document AI ndi Azure Document Intelligence amapereka kuyambira 0 mpaka 1, ndipo 90 wa pulogalamu ina sali wofanana ndi 0.90 wa inzake. Choncho malire amene munthu watenga kwina n'kubwera nawo kwa inu alibe maziko, kaya akhale 0.90 kaya 0.99.

Langizo langa, a Msungichuma, ndi ili. Tengani malisiti osachepera 500 a masabata apitawa. Musasankhe ooneka bwino okha, komanso musatenge a kalaliki mmodzi kapena a tsiku limodzi; tengani lisiti lachisanu lililonse m'mabuku onse. Anthu awiri ataipe makilogalamu a malisitiwo aliyense payekha, asakuona zimene pulogalamu inawerenga, ndipo pamene asiyana mubwerere ku pepala. Mukatero mukhala ndi mayankho enieni. Kenako gawani mabokosiwo m'magulu malinga ndi malikisi ake, ndipo m'gulu lililonse muwerenge kuti alimo angati ndi kuti olakwika ndi angati. Mukabwera ndi manambala amenewo tidzasankha malire tikuona, osati mongolota.

MayiWaKuSenga

Ine ndifunse mwina sindinamve bwino. Malikisi amenewa kodi ndi a akalaliki? Ngati ndi choncho, bwanji osawaitana amene akupeza malikisi otsika n'kuwachenjeza kuti azilemba zooneka? Kwathu kuno ku Salima tinali ndi mnyamata wina amene 1 wake sankasiyana ndi 7, ndipo titamulankhula kawiri anasintha.

MsungichumaWaMpunga

Ayi mayi, malikisiwa si a akalaliki. Pulogalamu imadzipatsa yokha pa bokosi lililonse limene yawerenga. Chodandaulitsa n'chakuti kalaliki amene analemba lisiti la mayi uja ndi amene amalemba bwino kuposa onse. Bolopeni inangodumpha kumanzere kwa 8, ndipo munthu aliyense akanazindikira poona ndalama zonse zolembedwa m'munsimo.

KalalikiWakale

Pamenepo ndi pamene ndimafuna kufunsa. Mwati lisiti likuti K222,000, koma inu munatumiza K162,000. Kodi ndalama zimene mumalipira mumazitenga kuti, ngati si m'bokosi la ndalama zonse?

MsungichumaWaMpunga

Timachulukitsa tokha mu Excel makilogalamu ndi mtengo, chifukwa akalaliki nthawi zina amaphonya masamu. Bokosi la ndalama zonse pulogalamu imaliwerenga, ndipo inawerenga bwinobwino 222,000, koma sitimaligwiritsa ntchito.

KalalikiWakale

Ndiye kuti mboni inalipo koma simunaifunse, bambo. Ine ndinagwira ntchito yolowetsa ziwerengero zaka zambiri mapulogalamu amenewa asanabwere, ndipo chinthu choyamba chimene tinkaphunzitsidwa chinali chakuti manambala a pa pepala limodzi azichitirana umboni. Makilogalamu 135 pa K1,200 ndi K162,000, pamene bokosi linalo likuti K222,000. Zikasiyana chonchi, lisitilo lipite kwa munthu, ngakhale mabokosi onse atatu atapeza malikisi a 0.99. Sindikutsutsa zoyeza zimene a Mpasa anena, koma izi mukhoza kuziyamba mawa lomwe popanda kuyeza chilichonse.

Mpasa_wa_mBua

Ndikugwirizana nawo kwathunthu a KalalikiWakale, ndipo ndikanayenera kuyamba ndi mfundo imeneyo. Ngati makilogalamu ali mu D, malikisi ake mu E, mtengo mu F, ndalama zonse mu G, mukhoza kulemba chonchi mu H:

```
=IF(OR(D2="",F2="",G2=""),"ONANI",IF(OR(E2<0.95,ABS(D2*F2-G2)>50),"ONANI","DUTSA"))
```

Nambala ya 0.95 ndangoiika pongoyembekezera zimene mupeze. K50 ndi mpata wa akalaliki amene amadula ndalama zing'onozing'ono polemba. Ngati kwanu sadula, ikanipo 0. Onaninso kuti chiganizochi chikuyamba ndi kufunsa ngati bokosi lili lopanda kanthu. Chifukwa chake n'chakuti chithunzi chikadulidwa m'mphepete, kapena chala chikaphimba ngodya ya tsamba, mapulogalamu ena sabweza bokosilo n'komwe. Bokosi limene silinabwere lilibe malikisi, ndipo lamulo longoti chosakwana malire chipite kwa munthu likhoza kulidumpha mwakachetechete.

Chikombe_Thonje

Ine ndili ndi maganizo osiyana ndi nonsenu. Pamene pali ndalama ya mlimi, munthu aone bokosi lililonse, basi. Ife kuno ku Salima pogula thonje ndi mtedza timaona zonse, ndipo makina timangowagwiritsa ntchito kuti atichepetsere kutaipa. Mlimi walima miyezi yambiri, walimbana ndi mbalame ndi madzi, ndiye ife tizimuuza kuti thumba lake linatayika chifukwa malikisi anali okwera? Fisi akagwa m'mbuna salankhula, koma mlimi amalankhula, ndipo mudzi wonse umamva.

WaKuLinga

Malisiti 3,000, mabokosi asanu ndi awiri pa lisiti lililonse, ndi mabokosi 21,000 pa sabata. Anthu awiri angawaone liti, a Chikombe?

Chikombe_Thonje

Sindikunena mabokosi onse asanu ndi awiri. Ndikunena makilogalamu okha. Ngati bokosi limodzi litenga masekondi 20, mabokosi 3,000 ndi maola pafupifupi 17, ndipo anthu awiri akagawana ndi tsiku limodzi lathunthu aliyense. Zimenezo n'zotheka.

KalalikiWakale

N'zotheka pa pepala, a Chikombe, ndipo cholinga chanu ndikuchilemekeza. Koma ndikuuzeni zimene ndinaziona ndi maso anga. Munthu amene wapatsidwa mabokosi 1,500 oti atsimikize, pamene oposa 90 pa 100 alionse ndi olondola kale, pakatha ola limodzi chala chake chimayamba kuvomera chokha. Maso amaona 135 pa kompyuta, n'kupita pa chithunzi akuyembekezera kupeza 135, ndipo amamupezadi ngakhale palembedwa 185. Kuona zonse sikutanthauza kugwira zolakwika zonse. Woona amene ali ndi mabokosi ochepa, amene akudziwa kuti lililonse labwera kwa iye pa chifukwa, amakhala tcheru kuposa amene akungosesa mulu.

Chikombe_Thonje

Zimenezo ndazimva, koma vuto limenelo mankhwala ake ndi kupumula ndi kusinthana, osati kusiya mabokosi ena osaonedwa.

MsungichumaWaMpunga

Ndabweranso patatha masiku asanu. Tinachita monga a Mpasa ananenera. Tinatenga malisiti 600 m'mabuku a akalaliki onse asanu ndi mmodzi, anthu awiri anataipa makilogalamu payekhapayekha, ndipo iwowo anasiyana pa malisiti 9, amene tinawathetsa poona pepala. Zotsatira za bokosi la makilogalamu ndi izi:

```
malikisi       mabokosi   olakwika
0.98 - 1.00      330          3
0.95 - 0.98      120          5
0.90 - 0.95       60          7
0.80 - 0.90       45         11
0.00 - 0.80       45         22
```

Olakwika onse ndi 48 pa 600. Ndikuvomereza kuti nditaona 15 ali pamwamba pa 0.90 mtima unandigunda, chifukwa zikutanthauza kuti mayi uja sanali yekha. Malisiti 15 amenewo tawalondola kale: 9 tinalipira ndalama yochepa, 6 tinalipira yopitirira.

Mpasa_wa_mBua

Mwagwira ntchito yaikulu, a Msungichuma, ndipo tsopano tikhoza kulankhula zenizeni. Tiyeni tiyende nawo manambalawa pang'onopang'ono.

Ndi malire a 0.90 amene munali nawo, munthu amaona mabokosi 90 pa 600, kutanthauza 15 pa 100 alionse, ndipo amagwira olakwika 33. Mabokosi 510 amadutsa osaonedwa, ndipo mwa iwo 15 ndi olakwika, pafupifupi atatu pa 100 alionse. Pa malisiti 3,000 a sabata imodzi, amenewo ndi alimi pafupifupi 75 olipidwa molakwika.

Mukakweza kufika pa 0.95, oonedwa akhala 150, gawo limodzi la magawo anayi, ndipo olakwika odutsa atsika kufika pa 8 mwa 450. Mukakwezanso kufika pa 0.98, oonedwa akhala 270, pafupifupi theka la ntchito yonse, ndipo atatu adutsabe. Taonani mtengo wa sitepe iliyonse. Kuchoka pa 0.90 kupita pa 0.95 mukuwonjezera mabokosi 60 n'kugwira olakwika 7, ndiye kuti cholakwika chimodzi pa mabokosi pafupifupi 9 oonedwa. Kuchoka pa 0.95 kupita pa 0.98 mukuwonjezera mabokosi 120 n'kugwira 5 okha, chimodzi pa mabokosi 24. Sindikunena kuti sitepe yachiwiriyo ndi yosayenera, pakuti mabokosi 24 ndi mphindi 8 zokha za woona, pamene cholakwika chimodzi chikhoza kukhala K60,000 ya mlimi. Ndikungoti tisanaitenge tione kaye ngati palibe njira yotsika mtengo yogwirira olakwika omwewo.

Ndiye funso langa ndi ili: mwa olakwika 8 amene ali pamwamba pa 0.95, lamulo la a KalalikiWakale lochulukitsa lagwira angati, ndipo lawonjezera malisiti angati kwa woona?

A WaKuLinga, onaninso gulu la 0.90 mpaka 0.95. Malikisi akanakhala lonjezo, tikanayembekezera olakwika 4 kapena 5 mwa 60, koma apezeka 7. M'gulu la 0.80 mpaka 0.90 tikanayembekezera pafupifupi 7 mwa 45, koma apezeka 11. Manambalawa ndi ang'onoang'ono moti gulu limodzi palokha silingatsimikize kanthu, koma onse akupendekera mbali imodzi, yakuti pulogalamuyi ikudzikhulupirira kuposa mmene ikuyenera pa malisiti amenewa.

WaKuLinga

Ndaona, ndipo ndavomera kuti ndinalakwa kutenga malikisi ngati peresenti. Koma ndondomeko yake ikuyenda monga ndinanenera: malikisi akamakwera, zolakwika zikuchepa.

Mpasa_wa_mBua

Inde, ndipo n'chifukwa chake malikisiwa ali ndi ntchito. Akanakhala kuti olakwika amwazikana mofanana m'magulu onse, ndikanati muwataye n'kutsatira a Chikombe.

MsungichumaWaMpunga

Mwa mabokosi 450 a pamwamba pa 0.95, lamulo lochulukitsa latumiza kwa munthu malisiti 31. Mwa amenewo, 7 ndi olakwika a makilogalamu aja, 15 ndi amene pulogalamu inaphonya bokosi la ndalama zonse kapena la mtengo, ndipo 9 ndi amene kalaliki mwini wake anaphonya masamu. Choncho mwa olakwika 8, latsala limodzi.

Limodzi limenelo ndalionetsetsa kwambiri. Kalaliki analemba makilogalamu 92 ndi K110,400, kenako anazindikira kuti mlimi ali ndi kathumba kena, n'kukhwatcha manambala onse awiri ndi kamzere kamodzi kopyapyala, n'kulemba 117 ndi K140,400 pamwamba pake, kunja kwa mabokosi. Pulogalamu inawerenga manambala okhwatchidwawo bwinobwino, inadzipatsa 0.985, ndipo masamu ake akugwirizana.

KalalikiWakale

Limeneli ndi phunziro labwino kwambiri pa nkhani yonseyi. Pulogalamu sinalakwe kuwerenga. Inawerenga bwino nambala yolakwika. Malikisi amakuuzani za maonekedwe a zilembo, sakuuzani kuti zilembozo ndi zimene mwini lisiti ankatanthauza. Cholakwika chotere simungachigwire ndi malire alionse. Chigwireni pa sikelo pomwepo: lisiti lolakwika lizikhwatchidwa lonse ndi mizere iwiri yaikulu, lilembedwe kuti lathetsedwa, ndipo lilembedwe lina latsopano. Pasakhale kukonza pa lisiti.

Mpasa_wa_mBua

Ndi zoona. Tsopano tiwerengere ntchito. Malire a 0.95 pamodzi ndi lamulo lochulukitsa akutumiza kwa munthu malisiti 181 pa 600, pafupifupi 30 pa 100 alionse, ndipo cholakwika chodutsa ndi chimodzi mwa 419. Malire a 0.98 okha amatumiza 270 n'kudutsitsa atatu. Choncho njira yoyambayo ili ndi ntchito yochepa komanso ikugwira zambiri. Pa malisiti 3,000 ndi pafupifupi 900, maola asanu pa masekondi 20 lililonse, ngakhale kuti amene masamu ake sakugwirizana adzatenga nthawi yotalikirapo chifukwa woona ayenera kuyang'ana mabokosi atatu.

Koma ndikuchenjezeni pa zinthu ziwiri. Choyamba, musalengeze kwa alimi kapena ku komiti kuti cholakwika ndi chimodzi pa 419. Malirewa tawasankha tikuyang'ana malisiti 600 omwewa, choncho n'zachidziwikire kuti pa iwowa aoneka bwino. Muyeso weniweni ubwera pa malisiti atsopano amene sanatithandize kusankha. Ndiponso cholakwika chimodzi ndi nambala yaing'ono kwambiri; mukadatenga malisiti ena 600 mukanatha kupeza ziro kapena zinayi.

Chachiwiri, mwa malisiti amene alembedwa kuti adutse, muzitengako asanu pa 100 alionse mwamaere n'kuwasakaniza mu mndandanda wa woona. Pa sabata ndi malisiti pafupifupi 105. Popanda zimenezi simudzadziwanso zimene zikuchitika pamwamba pa malire, chifukwa malo amene munthu sayang'anako amaoneka ngati alibe cholakwika mpaka mlimi atabwera ndi pepala lake.

MayiWaKuSenga

Ife titayamba ndi mafomu a ngongole za gulu lathu tinaona mafomu 50 amene makina anadutsitsa, sitinapeze cholakwika ngakhale chimodzi, ndipo tinasiya kuona. Kodi tinalakwa?

MphunzitsiWaMasamu

Mayi, munasiya msanga. Pali kalamulo kachidule kamene owerengera amagwiritsa ntchito: ngati mwaona zinthu zosankhidwa mwamaere n'kusapeza cholakwika chilichonse, gawani 3 ndi chiwerengero cha zimene mwaonazo, ndipo yankho lake ndi mlingo umene zolakwika zingathe kufikabe. Mwa mafomu 50, 3 kugawa ndi 50 ndi 6 pa 100 alionse. Ndiye kuti ngakhale simunapeze kanthu, n'zothekabe kuti mafomu asanu kapena asanu ndi limodzi pa 100 ali ndi cholakwika, mwangochita mwayi osawakumana. Kuti munene molimba mtima kuti zolakwika sizikupitirira chimodzi pa 100, muyenera kuona mafomu pafupifupi 300 osapeza cholakwika. N'chifukwa chake malisiti 105 a pa sabata amene a Mpasa anena ayenera kumaunjikidwa sabata ndi sabata, osati kuweruza ndi sabata imodzi.

MsungichumaWaMpunga

Zikomo aphunzitsi. Nanga mabokosi enawo? Kodi 0.95 yemweyu ndimuike pa onse? Limene likundiopsa kwambiri ndi la nambala ya foni, chifukwa ndalama ikapita kwa munthu wina kuibweza ndi nkhondo.

WaKuLinga

Pa foni pulogalamu yanu ikamapereka malikisi a kachigawo kalikonse ka nambala, aphatikizeni n'kupeza avereji, ndipo avereji ikaposa 0.95 idutse.

MphunzitsiWaMasamu

Avereji ndi yoopsa pamenepa, a WaKuLinga. Nambala ya foni ya kuno ili ndi manambala 10. Tinene kuti asanu ndi anayi apeza 0.99 ndipo imodzi yapeza 0.60. Avereji yake ndi 0.951, ndiye kuti yadutsa malire anu, chonsecho nambala imodzi yokayikitsayo ndi yokwanira kutumiza ndalama ku Karonga m'malo mwa ku Bua. Pa bokosi limene chilembo chimodzi chikalakwika zonse zalakwika, tengani malikisi otsikitsitsa, osati avereji. Kumbukiraninso kuti ngakhale nambala iliyonse itamawerengedwa molondola 99 pa 100, mwayi woti zonse 10 zilondole ndi pafupifupi 90 pa 100 basi.

Mpasa_wa_mBua

Aphunzitsi anena zoona, koma ine ndipitirire pamenepo: nambala ya foni musaitenge pa lisiti n'komwe. Muli ndi kaundula wa mamembala, ndipo nambala ya foni ya membala aliyense inatsimikizidwa kale polembetsa. Pa lisiti tengani nambala ya membala, mufufuze nayo m'kaundula, ndipo ndalama ipite ku foni ya m'kaundulamo. Foni ya pa lisiti ndi dzina zikhale mboni chabe. Nambala ya membala ikawerengedwa 0411 m'malo mwa 0417, onse awiri akhoza kukhala mamembala enieni, choncho kungopezeka m'kaundula si umboni. Koma dzina ndi foni za pa lisiti sizidzagwirizana ndi za 0411, ndipo lisitilo lidzapita kwa munthu. Ngati foni ya pa lisiti yasiyana ndi ya m'kaundula chifukwa mlimi anasintha nambala, imeneyo ndi nkhani yoti munthu aimbe foni, osati yoti malikisi aweruze.

Ndiye yankho ndi lakuti ayi, 0.95 si wa mabokosi onse. Dzina likalembedwa Mwale m'malo mwa Mwase koma nambala ya membala ndi foni zikugwirizana, palibe amene wataya ndalama, ndipo kuonetsa munthu dzina lililonse losakwana 0.95 ndi kutaya nthawi ya woona. Tsiku likhoza kutsimikizidwa ndi malisiti oyandikana nalo m'buku. Nambala ya membala ndiyo ifunika kuyezedwa payokha monga munachitira ndi makilogalamu, pa malisiti 600 omwe aja, chifukwa malire ake akhoza kutuluka osiyana.

Chikombe_Thonje

Ndawerenga zonse, ndipo ndikuvomereza kuti lamulo lochulukitsa ndilitenga ngakhale kwathu. Koma sindinasinthe pa mfundo yanga. Mlimi mmodzi uja wa makilogalamu 117 akanaonedwa ndi munthu, kukhwatchako kukanaoneka nthawi yomweyo. Inu mukuwerenga chimodzi pa 419, ine ndikuona munthu amene wataya K30,000.

KalalikiWakale

Akanaonedwa ngati woonayo akuonetsedwa tsamba lonse. Mapulogalamu ambiri oonera amangodula kabokosi kokha n'kukakulitsa, ndipo 117 wolembedwa kunja kwa bokosi sakanaoneka. A Msungichuma, oona anu amaona chiyani pa kompyuta?

MsungichumaWaMpunga

Amaona kabokosi kodulidwa, ndipo pambali pake pamakhala nambala imene pulogalamu yawerenga, iwo n'kuvomera kapena kukonza.

KalalikiWakale

Ndikanakonda kuti aziona lisiti lonse, bokosi lofunikalo litazunguliridwa, ndiponso kuti nambala ya pulogalamu ibisike. Woona ataipe yekha zimene akuona, kompyuta ifanizire, ndipo zikasiyana afunsidwe kachiwiri.

Mpasa_wa_mBua

Pa tsamba lonse ndikugwirizana nanu. Pa kubisa nambala ndikukayika pang'ono. Kutaipa kumachedwetsa, ndipo wotaipanso amaphonya. Paja anthu awiri aja anasiyana pa malisiti 9 mwa 600. Ine ndikanabisa pa makilogalamu ndi pa malisiti a maere okha, kwinako n'kusiya kuti azivomera.

KalalikiWakale

Akaphonya potaipa, kompyuta imugwira chifukwa asiyana ndi pulogalamu. Akaphonya povomera, palibe womugwira. Pamenepa sitigwirizana, achimwene, koma a Msungichuma akhoza kuyesa njira zonse ziwiri n'kutiuza.

MayiWaKuSenga

Ndifunse chomaliza. Malire akaikidwa, ndiye kuti atha mpaka kalekale?

Mpasa_wa_mBua

Ayi mayi. Malire amagwira ntchito pa mapepala ofanana ndi amene munayezera. Mukasindikiza mabuku atsopano mabokosi ake atasuntha, mukalemba kalaliki watsopano, mukayamba kujambula tsamba la kaboni m'malo mwa tsamba lapamwamba, kapena eni pulogalamu akaisintha kumbali kwawo, manambala aja akhoza kusiya kugwira. Muziyang'ana zinthu ziwiri sabata iliyonse: kuchuluka kwa malisiti opita kwa munthu, ndi zolakwika zopezeka m'malisiti a maere. Oonedwa akadumpha kuchoka pa 30 kufika pa 45 pa 100 alionse, china chake chasintha pa zithunzi kapena pa mapepala. Akatsika mwadzidzidzi kufika pa 15 musasangalale msanga, chifukwa n'kutheka kuti pulogalamu yangoyamba kudzipatsa malikisi okwera osasintha kawerengedwe kake.

MsungichumaWaMpunga

Mwatchula kaboni, ndipo mwandikumbutsa chinthu. Mlimi amatenga tsamba lapamwamba, ndipo ku sikelo ziwiri zakutali akalaliki amajambula madzulo tsamba la kaboni lotsala m'buku, pamene kwinako amajambula lapamwamba asanampatse mlimi. Ndabwerera ku malisiti 600 aja: a kaboni ndi 190, koma mwa olakwika 48, a kaboni ndi 27, ndipo mwa 8 aja a pamwamba pa 0.95, a kaboni ndi 5. Lisiti la mayi uja ndinkaganiza kuti bolopeni inadumpha, koma ndaonanso chithunzi chake, ndi la kaboni. Pa tsamba limene iwo anabwera nalo 8 ndi wathunthu.

Kuyambira Lolemba tiika 0.95 pa makilogalamu pamodzi ndi lamulo lochulukitsa, tiyamba malisiti a maere, ndipo foni tizitenga m'kaundula. Sikelo ziwiri zija ndazitumizira uthenga kuti zizijambula tsamba lapamwamba mlimi asanachoke, koma mpaka zitazolowera, makilogalamu onse ochokera kumeneko aziona munthu, monga a Chikombe akufunira. Chimene sindinathe kusankha ndi cha kubisa nambala ya pulogalamu. Woona mmodzi azitaipa osaiona, winayo azivomera monga kale, ndipo pakatha masabata awiri ndibweretsa manambala a onse awiri. A KalalikiWakale, kodi malisiti ndiwagawe bwanji pakati pa awiriwa kuti wina asalandire ovuta okhaokha?

KalalikiWakale

Gawani ndi nambala ya lisiti, bambo: othera ndi 0, 2, 4, 6 ndi 8 apite kwa mmodzi, otsalawo kwa winayo. Sabata yachiwiri asinthane njira, wotaipa akhale wovomera, kuti musasokoneze luso la munthu ndi ubwino wa njira. Ndipo kuti mudziwe amene waphonya, inuyo mutengeko malisiti 100 mwa amene aliyense wamaliza, muwaone nokha ndi pepala lenileni m'manja.